Mayi Inokuma Apempha Kalata

Mayi Inokuma Fusae anayamba kumeta anthu akadali mtsikana, m'kanyumba ka mipando iwiri kamene apongozi awo anamanga pafupi ndi siteshoni ya sitima. Amuna awo atamwalira, mpando umodzi anaufunditsa nsalu, winawo n'kupitiriza nawo ntchito. M'tauniyo munalibe bambo wachikulire amene mutu wake sunadutsepo m'manja mwawo. Ankadziwa amene dazi lamuyamba ndi amene amadaya imvi mobisa, koma sankaulula. Sanali munthu wankhani. Kasitomala akati kunja kwazizira, iwo ankati kwaziziradi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Atapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi, zala zawo zinayamba kuchita dzanzi. Choyamba kupulumuka m'manja chinali chipeso. Kenako mabatani a malaya anayamba kuwavuta, ndipo akakhala okha ankasiya timitengo todyera n'kutenga sipuni. Lumo analisiya mwakachetechete. Makasitomala anangouzidwa kuti ndevu azikameta kwawo, poti nawonso manja ali nawo.

Tsiku limene anapunthwa pamasitepe opanda chilichonse chopunthwitsa, anaganiza zopita kuchipatala cha m'tauni. Anapita Lolemba, tsiku limene ometa amatseka. Dokotala wa mafupa kumeneko anali a Shirasu, bambo wodekha amene kwa zaka zoposa makumi awiri ankabwera kudzametetsa kwa iwo mwezi ndi mwezi, Loweruka masana, n'kumagona tulo pampando.

A Shirasu anawagogoda m'maondo ndi kanyundo, anawauza kuti afumbate ndi kufumbatula manja mofulumira, kenako anawatumiza kukajambulidwa khosi. Zithunzi zitatuluka, anawalozera pakompyuta.

"Apa, mayi Inokuma, mafupa a m'khosi akupanikiza mtsempha waukulu wopita kumsana. Dzanzi likuchokera apa, kupunthwanso n'komweku. Ine ndikuona kuti pakufunika opaleshoni. Tidzatsegula kumbuyo kwa khosi kuti mtsemphawo upeze malo."

"Chabwino, adokotala."

"Muli ndi funso?"

"Ayi, adokotala. Zikomo kwambiri."

Anawerama, natuluka. Mafunso onse anawapeza ali m'basi.

Madzulo anaimbira foni Chizuru, mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito mumzinda wa Sendai. Chizuru anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Amayi, khosi si tsitsi loti likalakwika limeranso. Kamveni maganizo a dokotala wina. Kuno kuchipatala chachikulu ali ndi tsiku loonera anthu ongofuna zimenezo. Muwapemphe a Shirasu kalata yokutumizani ndi zithunzi zanu."

"Ndiye ndikawauze kuti sindikuwakhulupirira?"

"Ndani wanena zimenezo?"

"Ukapempha kalata wanena. Bwanji ndingopita osawauza?"

"Popanda kalata sakulandirani. Ndipo dokotala winayo aona chiyani? Nkhope yanu?"

Mayi Inokuma kasitomala wawo akakametetsa kwina ankadziwa pongomuona m'khosi, ndipo ngakhale sankanena kanthu, zinkawapweteka mpaka madzulo.

"Loweruka a Shirasu akubwera kudzametetsa, si choncho?" anatero Chizuru. "Muwapemphe ali pampando, thaulo lili kumaso. Sangathawe."

"Iwe, munthu wokhala pampando wanga ndi mlendo. Mlendo sapemphedwa zinthu sizasi ili pakhutu."

Loweruka a Shirasu anabweradi. Anakhala pampando, anati maapozi achedwa kupsa chaka chino, Mayi Inokuma anati achedwadi. Dokotala sanayang'ane manja awo, ngakhale pagalasi. Sanagonenso tulo. Anakhala mowongoka ngati mwana wasukulu wojambulitsa, maso ali pa kalendala. Za khosi palibe anazitchula. Atalipira anati, "Tionana Lolemba," ngati akunena za nyengo.

Lamulungu lonse Mayi Inokuma anayeserera mawu awo pagalasi la m'nyumba yometeramo. Ulendo woyamba anayamba ndi kuthokoza, ndipo kuthokozako kunatalika mpaka kunafika pa maliro a amuna awo. Ulendo wachiwiri anaponyera mlandu wonse Chizuru, kuti ana a masiku ano samva. Anaona kuti akumunamizira mwana amene wanena zoona. Anaganizanso zonyamula bokosi la maapozi, koma anakumbukira chikwangwani cha pakhomo la chipatala choti salandira mphatso.

Lolemba analowa m'chipinda cha dokotala atavala malaya opanda mabatani. Anakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama chili pamaondo.

"Mwaganizapo za opaleshoni ija?" anafunsa a Shirasu.

"Ndaganizapo, adokotala. Choyamba ndithokoze chifukwa mwandisamala bwino."

"Zikomo."

"Komanso chipatala chino n'chaukhondo."

"Ndikawauza okolopa."

Mayi Inokuma anayang'ana chikwama chawo. Mawu onse a dzulo anali atabalalika, ndipo amene anatsala ndi amene anatuluka.

"Pepani adokotala, musandimve molakwa. Zimene munandiuza ndazimva, ndipo ndikufuna kupitiriza kuthandizidwa ndi inu. Koma nkhaniyi ndi yaikulu, mtima sunakhazikike. Ndisanavomere, ndimafuna ndikamveko maganizo a dokotala wina. Kodi mungandilembere kalata yonditumiza, n'kundipatsanso zithunzi ndi zotsatira za zimene munandiyeza?"

Atatha anawerama mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda chikwama, ndipo anakhala choncho kudikira.

Chimene anamva ndi kulira kwa mabatani a kompyuta.

"Chipatala chiti?" anafunsa a Shirasu.

"Chachikulu chija cha ku Sendai. Mwana wanga ali komweko."

"Kuli akatswiri a msana. Mwasankha bwino. Kalata ndilemba sabata ino, zithunzi akuikirani pa chimbale. Mukatuluka pitani ku ofesi yolumikizana ndi zipatala zina, pansipa, akakupezerani tsiku. Dzukani, mayi Inokuma, khosi limenelo si loweramitsa choncho."

Anadzuka. "Simunakhumudwe?"

"Makalata otere ndimalemba kawirikawiri. Likanakhala khosi langa, nanenso ndikanapita." Anatembenuza mpando n'kuwayang'ana. "Koma mudziwiretu: kumeneko sakakupimani, sakakupatsani mankhwala. Akawerenga zanga, akaona zithunzi, akayankha mafunso anu, kenako andilembera yankho. Nthawi yake ndi yochepa, ndipo inshuwalansi silipira, mulipira nokha. Ndiye mafunso mukonzeretu. Musakawauze kuti 'ayi adokotala, zikomo' ngati munachitira kuno."

Pokwera basi Mayi Inokuma anapeza kuti amene akhumudwa pang'ono ndi iwowo. Tsiku lathunthu loyeserera, munthu n'kungofunsa kuti chipatala chiti.

Patapita sabata anakatenga envelopu yomata ndi chimbale. Kalatayo inali yopita kwa dokotala, osati kwa iwo, choncho sanaitsegule. Anangoiyang'anitsa kudzuwa kamodzi, osaona kanthu.

Ku Sendai anakalowa ndi Chizuru. Dokotala wake anali mayi wachitsikana, a Ubukata, amene tsitsi lawo linali lometedwa mosalingana kumbuyo kwa khutu lakumanzere. Mayi Inokuma anazindikira zimenezo asanakhale n'komwe pansi, koma anadzigwira.

A Ubukata anali atawerenga kale zonse, poti Mayi Inokuma anazisiya pa ofesi m'mawa. Anayendetsa zithunzi pakompyuta n'kuima pomwe paja.

"Zimene a Shirasu aona nanenso ndaziona," anatero. "Opaleshoni imene akufuna kuchita ndi imene ine ndikanachita. Funsani."

Chizuru anatsegula pakamwa, koma amayi ake anamugwira bondo.

"Ine ndine wometa, adokotala. Ndikachitidwa opaleshoni, zala zibwerera mwakale?"

"Sindingakulonjezeni. Cholinga chachikulu ndi choti zisaipirepo. Ambiri manja amapepukako, koma dzanzi nthawi zina limatsala."

"Ndikapanda kuchitidwa?"

"Mwina mukhala chomwechi kwa kanthawi. Koma poti mwayamba kupunthwa, kawirikawiri zimanka ziipiraipira, ndipo mutagwa moipa zikhoza kufika poipa tsiku limodzi. Mukachedwa kwambiri, zimene zatayika zimavuta kubweza."

"Sizasi ndidzagwira?"

"N'zotheka ndithu."

"Lumo?"

A Ubukata anaganiza pang'ono. "Ine sindingakupatseni khosi langa kuti mulimete."

Chizuru anatsokomola. Mayi Inokuma anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Limeneli ndilo funso limene linawakanika kwa a Shirasu. Ankadziwa kuti bamboyo akanazungulira, n'kuwayankha mowamvera chisoni, kenako Loweruka n'kudzakhala pampando wawo onse awiri akudziwa kuti wina ananyengerera mnzake. Ankafuna munthu woti sadzamuonanso.

M'sitima Chizuru anati, "Ndiye tapita ulendo wonsewu kukamva zomwezo."

"Zomwezo," anatero amayi ake. "Koma ulendo uno ndamva."

Lolemba lotsatira anabwerera kwa a Shirasu, yankho la ku Sendai litafika kale. Anagwirizana tsiku la opaleshoni, ndipo Mayi Inokuma anafunsa mafunso ambiri mpaka namwino anasuzumira pakhomo. Atanyamula chikwama kuti azipita, dokotala anakonza pakhosi.

"Mayi Inokuma, pepani, musandimve molakwa."

"Nenani, adokotala."

"Mukhala osagwira ntchito mwezi ndi kupitirira. Ine ndikufuna kupitiriza kumetedwa ndi inu. Koma pakatipa…" Anadzigwira kumutu. "Kodi mungandiuze kumene ndingapite?"

Mayi Inokuma anawasiya adikire kaye pang'ono.

"Pitani kwa a Tsuchiya, kuseri kwa positi ofesi. Ndiwaimbira foni. Ndiwauza kuti kumanja kuli kachiphuphu, asadutsepo ndi makina, komanso kuti pamwambapa asachotsepo kanthu, poti palibe chochotsa."

"Zimenezonso muwauza?"

"Inu munabisa kanthu m'kalata muja?"

Opaleshoni inachitika masamba a mitengo atayamba kuyoyoka. Mayi Inokuma anatuluka m'chipatala atavala chochirikiza khosi, ndipo Chizuru anatenga tchuthi kudzawaphikira, n'kumakangana nawo za mchere. Mabatani anasiya kuwavuta, miyendo inalimba, koma nsonga za zala ziwiri za kumanja zinakhalabe zadzanzi. Malezala awo anawapukuta bwino n'kukawapatsa a Tsuchiya.

Anatsegulanso chaka chatsopano chitangolowa, m'mawa wokha, masana n'kumapumula. Makasitomala ena sanabwerere, ndipo iwo ankawapatsabe moni pamsewu.