Pepala la Dailesi Kambalame

Dailesi Kambalame anabadwira ku Chileka, m'mudzi womwe ndege zikamatera zimachita ngati zikhudza nsonga za mibawa. Mayeso a Fomu 4 anakhoza bwino ndithu, koma chaka chimenecho bambo ake anadwala nthawi yaitali, ndipo za yunivesite zinathera m'malere. Anachita maphunziro a uphunzitsi wa pulayimale, boma n'kumutumiza kusukulu ina kufupi ndi Lirangwe. Kumeneko anakwatiwa ndi Yobu, wokonza njinga pamsika, nabereka ana atatu. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zinatha akuphunzitsa Sitandade 6, kalasi ya ana opitirira zana.

Atakwanitsa zaka makumi anayi analembetsa maphunziro a patali pakoleji ina mu Blantyre, kuti apeze digiri akaphunzitse kusekondale. Ankapita kukoleji pa holide basi, milungu iwiri, kenako n'kubwerera ndi mabuku kukadziwerengera yekha. Zaka ziwiri zinayenda bwino. M'chaka chachitatu anagwa phunziro limodzi, la kayesedwe ndi kawunikidwe ka ophunzira. Anapeza 44 pomwe pamafunika 50.

Chinamupweteka kwambiri n'chakuti mapepala a mayeso sabweza. Anangoona nambala pafoni, osadziwa pomwe anaphonya. Anamupatsa mwayi wolembanso, womwe ophunzira amautcha sapu. Akalephera sapuyo ndiye kuti abwereza phunzirolo chaka chamawa, anzake atapita patsogolo.

Milungu itatu analoweza notsi mpaka kumazinena akutsuka mbale. Kenako anasindikiza pepala la mayeso a chaka chapitacho, lomwe mnzake anaika pagulu lawo la WhatsApp, ndipo Loweruka m'mawa anapita kwa mayi ake ku Chileka, kothawa phokoso la ana. Anakhala patebulo maola atatu, mabuku atatsekera m'chikwama, monga m'chipinda cha mayeso. Analemba masamba asanu ndi anayi. Anawajambula limodzilimodzi pakhonde powala, n'kuyamba kulembera mphunzitsi wa phunzirolo, a Stewart Maluwa.

Uthengawo anaulemba n'kufufuta kanayi. Woyamba unatalika ngati kalata yofunsira ntchito. Wina unamveka ngati akudandaula za malikisi. Womaliza unali wotere:

"Muli bwanji, a Maluwa? Ndine Dailesi Kambalame, wa chaka chachitatu, maphunziro a patali. Ndikulemba sapu pa 19. Ndayesa pepala la chaka chatha m'maola atatu, osayang'ana m'buku, ndipo ndatumiza masamba onse asanu ndi anayi. Ngati mungapeze mpata, chonde mundionereko pomwe ndikulakwitsa, makamaka funso lachiwiri ndi lachitatu. Pepani pokuvutitsani. Zikomo kwambiri."

Pofika madzulo, timizere tiwiri ta pa WhatsApp tinasanduka tabuluu. Awerenga. Yankho ndiye ayi.

Lolemba linadutsa, Lachinayi n'kudutsanso. Dailesi ankaika foni m'thumba la diresi, ikangonjenjemera ali pabolodi mtima n'kudumpha. Ankapeza ndi uthenga wa kwaya, kapena wa maliro.

"Tangowaimbira," anatero Yobu tsiku lina akudya.

"Munthu waona uthenga, ndimuimbirenso? Aziti ndikuwalamula."

"Nanga si ntchito yawo?"

"Kuchonga pepala lakale si lamulo, bambo a Lisa. Akachita, n'chifundo chabe."

Patatha sabata analemba mzere umodzi wowakumbutsa mwaulemu. Kunali zii. Poti panalibe womuuza zina, anapitiriza momwe ankadziwira: kuloweza.

Foni inalira pa 18, cha m'ma 3 koloko masana, ali pasiteji ya minibasi pa Lirangwe ndi kachikwama, akupita kukagona kwa msuweni wake m'tauni.

"Mayi Kambalame? Ndine Maluwa. Pepani kwambiri. Ndinali kumidzi kuyendera ophunzira amene ali pa tichingi, akuyeserera kuphunzitsa, ndipo nditabwerako ndinapeza mulu wa mapepala. Lanu ndalichonga lero. Muli poti tingalankhule?"

Dailesi anathawira kuseri kwa golosale, chala chili m'khutu linalo chifukwa cha oitanira minibasi.

"Ndikumva, bambo."

"Ndisakunamizeni. Ndakupatsani 41. Zinthu mukuzidziwa, koma simukuyankha zomwe mwafunsidwa. Funso lachiwiri likuti muyerekeze mayeso a mkati mwa teremu ndi a kumapeto. Inu mwafotokoza awa tsamba lonse, awo tsamba lonse, osawaika pamodzi n'kuonetsa pomwe akufanana ndi pomwe akusiyana. Pamenepo theka la malikisi lapita."

"Ndimaganiza kuti ndikalemba zambiri..."

"Wochonga amatsata zomwe zili pa chikalata chochongera. Zina zonse, ngakhale zoona, sizilandira kanthu. Funso lachitatu, la masamu, avereji mwapeza bwino. Koma pofuna kuona mmene malikisi a ana amwazikira, mwaima panjira, sikweya ruti simunatenge. Komanso mwangolemba mayankho, njira osaonetsa. Njirayo ili ndi malikisi ake. Funso lomaliza mwalemba mizere isanu yokha."

"Nthawi inandithera."

"Inathera pa funso loyamba. Masamba anayi, funso la malikisi khumi."

Dailesi anafuna cholembera m'chikwama, sanachipeze. Anangoima, akubwereza mawuwo chamumtima.

"Zonsezi n'zokonzeka," anatero a Maluwa, mawu atatsika. "Mukanakhala ndi sabata imodzi, mapepala awiri ena, mukanadutsa bwinobwino. Kuchedwaku ndi kwanga."

"Palibe kanthu, bambo. Zikomo pondikumbukira."

M'minibasi anakhala pampando wakumbuyo, thumba la makala la munthu wina likumukanda mwendo. Anatulutsa masamba aja. Tsopano zolakwa zonse zinkaoneka poyera, ngati zalembedwa ndi munthu wina. Iye yemwe ankauza ana tsiku ndi tsiku kuti werengani funso kawiri. Podutsa pa Lunzu anazindikira kuti misozi ikudonthera papepala, ndipo mayi woyandikana naye anayang'ana kumbali.

M'mawa mwake analowa m'holo. Sikweya ruti anaikumbukira, njira anaionetsa. Koma atafika pa funso loti aunike ubwino ndi zofooka za mayeso osankha yankho, dzanja linathamangira ku notsi zoloweza zija. Anazindikira atadzaza kale tsamba ndi theka. Anakhwatcha, n'kuyambiranso, ndipo woyang'anira atanena kuti zolembera pansi, funso lomaliza linali lisanafike pakati.

Zotsatira zinatuluka mvula itayamba, anthu ali pa kalikiliki wobzala. Anapeza 47.

Tsiku limenelo Yobu anatseka msanga pa ntchito pake, n'kukabzala yekha mizere yomwe inatsala kumunda. Pagulu la WhatsApp anzake anayamba kukambirana za chaka chomaliza, ena mpaka za magauni. Dailesi anatulukamo osatsanzika.

A Maluwa analemba patatha masiku awiri: "Ndaona zotsatira. Musasiye. Mukalembetsanso, muzinditumizira pepala limodzi mwezi uliwonse, ndizichonga."

Anayankha kuti zikomo, aganizira. Fomu yolembetsanso anaisindikiza pa Lirangwe pomwepo, ndipo analembapo dzina ndi nambala yake. Pofunika siginecha anasiya. Akafunsidwa ndi ahedi kuti sukulu ija ikuyenda bwanji, amati ikuyenda, kenako n'kufunsa ngati choko chabwera.