Chisomo Chikana Kulowa M'nyimbo

Ambokile Mwalwanda anaphunzitsa kupulayimale ku Kaporo mpaka kupuma, koma ntchito yomwe ankaiwerengera inali yotsogolera kwaya. Ankati Chichewa amachidziwa, popeza kale anakhalako ku Lilongwe pa kosi ya aphunzitsi. Choncho akulu a mpingo ataona kuti anamwino ndi apolisi ochokera kumwera amangoyasamula pabenchi yakumbuyo pamene anzawo akuyimba Chinkhonde, anamupempha amasulire nyimbo ina ya Chingerezi. Iye anati ndi ntchito ya masana amodzi.

Nyimboyo inali ya mizere inayi pandime: maphatikizo asanu ndi atatu, kenako asanu ndi limodzi, mosinthana. Mzere woyamba unkati chisomo cha Mulungu chimasefukira ngati mtsinje. Mzungu chisomo amachitchula ndi phatikizo limodzi, Mulungunso limodzi. Ambokile atangolemba "chisomo cha Mulungu", asanu ndi awiri anali atapita, mtsinje usanayambe n'komwe kuyenda.

Anautaya mtsinjewo. Abusa atadandaula kuti tanthauzo laonongeka, iye anati, "Abusa, anthu awa chaka chilichonse madzi amawatengera mpunga. Mukufuna aziyimbiranso kusefukira?"

Mizere yoperewera anaipezera mankhwala: ankangoikapo "di" kumapeto. Chatiwomboladi, tidzakondweradi. Maphatikizo anakwana, mizere n'kumathera mofanana, ndipo Ambokile anayamba kuyenda ngati wamasulira Baibulo lonse.

Pophunzira nyimboyo, Modesta, namwino wa ku Dedza, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, kwathu munthu akati 'di' kanayi motsatizana, timadziwa kuti akunama."

"Mayi, kodi mwabwera kudzayimba kapena kudzayeza malungo?" anafunsa Ambokile.

Komabe mawuwo anamulasa. Anatha masabata akuyenda m'mikula ya m'munda wampunga, akung'ung'udza n'kumapinda zala, mpaka mkazi wake Fainess anafunsa ngati ayitane abusa adzamupempherere. Pomaliza anabwera ndi ndime iyi:

Chisomo chanu, Ambuye,
chimatikwanira;
tikafooka panjira
mumatidikira.

Gordon woyimba kiyibodi anati liwu lalitali likugwera pa "ra", pomwe Mchewa amakoka "ni" ndi "ki". Ambokile anamuuza kuti akadandaule kwa mzungu amene anapeka maimbidwe ake. Modesta anaiwerenga kawiri.

"Ichi ndiye Chichewa, aphunzitsi. Kungoti kudikirako m'Chingerezi mulibe."

"Mzunguyo akanadikirapo minibasi ya ku Songwe kuti idzaze, kudikirako akanakuikamo," anatero Ambokile.

Ndime zina zitatu zinamudyera nyengo yonse yamvula. Pofika Lamulungu loiyimba koyamba, boma linali litasamutsira Modesta ku Ntcheu, ndipo pabenchi yakumbuyo panatsala wapolisi mmodzi yemwe ankawodzera. Kwaya inayimba bwino lomwe, Ambokile akugwedeza manja thukuta lili kamukamu.

Potuluka, mkulu wa mpingo Zebedee anamugwira chanza nthawi yaitali. Anati nyimboyo ndi yokoma kwambiri, kotero akulu agwirizana kuti aimasulire m'Chinkhonde, anthu amveko zomwe ikunena.