Kopo Yofiira ya Mayi a Ana Anga

Akazi anga ankandipitirira panjira kuyambira tili achinyamata. Pothawa nkhondo kupita ku Malawi anali patsogolo, mwana kumsana, ine ndikupumira m'mwamba kumbuyo ndi nkhuku imodzi. Pobwerera kuno kunyanja ya Chiuta chimodzimodzi. Ndiye chaka chimene anayamba kuima panjira yakudambo ngati akuyang'ana mitambo, ndinadziwa kuti si mitambo.

Befu. Kusesa pang'ono, befu. Akagona chagada mpweya unkawathawa, ndiye ankagona chokhala, atatsamira thumba la chimanga. Mapazi anatupa mpaka patapata anakana.

Mudzi wonse unasanduka madotolo. Ena ankati ndi utsi, poti zaka zonse akhala akuwamba milamba. Ena ankati ndi fodya wanga. Kuchipatala cha ku Insaca anayeza makhololo, chifuwa chachikulu sichinapezeke, ndipo anawapatsa kabomba kopopera m'kamwa ka anthu amphumu. Anapopa, befu osasuntha.

Koma iwo anali ataweruza kale mlandu. Mchemwali wawo anafa ndi chifuwa chachikulu kumsasa wa othawa nkhondo kuja, ndipo ankati akuchidziwa kuposa makina. Anatenga kopo yofiira naimangirira kansalu kuchogwirira, kuti wina asamwere. Mbale yawoyawo. Mphasa yawo anaikokera kukhitchini. Mdzukulu wathu wamkazi atabereka n'kubwera ndi khanda, iwo anabisa manja kumbuyo.

"Mayi, landirani mwana," ndinatero.

"Ndikumuona bwino pomwe pano."

"Ine ndagona nanu zaka zonsezi, bwanji sindikutsokomola?"

"Inu ngakhale matenda amakunyansidwani."

Ndinaseka, koma khanda linabwerera osalawa manja awo, ndipo iwo anakalilira kuseri kwa nkhokwe.

Mwana wathu wamkazi wa ku Nampula ndiye anatiitanitsa. Tinakwera kaminibasi ka shapa mpaka ku Cuamba, kenako komboyo, sitima yapamtunda. Kopo yofiira ili mumpango.

Dotolo wa kumeneko, mtsikana woonda wodziwa Chinyanja cha ku Tete, anamvera chifuwa, anadina mwendo, chala n'kusiya dzenje. Anati atenge magazi ayeze chinthu chotchedwa BNP.

"Vuto lili m'chifuwa, inu mukukafunsa pamkono?" ndinamufunsa.

Anati mapapo ndi mtima akadwala amalira mofanana, onse ndi befu. Koma mtima ukalemedwa, magazi n'kumadzadzana m'kati mwake, makoma ake amakokeka, ndipo amatulutsira chinthu chimenechi m'magazi, chokauza impso kuti zitaye madzi ndi mchere. Chikapezeka chochepa, mtima umakhala ulibe mlandu, amakasaka kumapapo. Chikachuluka, mtima ndiye woyamba kufunsidwa.

"Ngati bwato likamalowa madzi, mwini wake n'kumakuwira kumtunda," ndinatero.

"Ngati zimenezo, agogo. Koma ukalamba ndi impso zofooka zimachikwezanso pang'ono, ndiye sitichikhulupirira chokha."

Cha akazi anga chinapezeka chokwera kwambiri, choti ukalamba sungafikitse pamenepo. Anajambula chifuwa, anayezanso makhololo, kenako anawagoneka pamakina aja oonera mwana m'mimba, koma pachifuwa. Ndinawanong'oneza kuti akapezamo mwana si wanga. Anandisina pantchafu.

Tinauona mtimawo, waukulu, ukufinya mwaulesi. Dotolo anati ukulephera kukankha magazi, ndiye madzi akubwerera n'kukadikha m'mapapo ndi m'miyendo. Ndicho chifukwa kabomba sikankathandiza, njira za mpweya zinalibe vuto. Anati suchira n'kukhala wa mtsikana, koma pali mankhwala otaya madzi ndi opeputsa ntchito yake, akumwa moyo wonse. Mchere achepetse, nsomba zamchere asiye.

Akazi anga zonsezo sanazimve. Funso lawo linali limodzi.

"Adotolo, zimenezi zimapatsirana?"

"Ayi, mayi. Chifuwa chachikulu mulibe. Mtima sungapatsire munthu."

"Ngakhale khanda?"

"Ngakhale khanda."

Anapotokola nsonga ya mpango. Ine ndinayang'ana kudenga, poti m'maso munalowa kanthu.

Mankhwala otaya madzi aja si amasewera. Masiku oyambawo njira yakuchimbudzi anaisalaza, ndipo ndinkawauza kuti nyanja yonse ya Chiuta inali m'miyendo mwawo. Koma patapata analowanso, thumba la chimanga linabwerera kunkhokwe, mphasa inachoka kukhitchini. Panjira sandipitiriranso, timayenda mofanana, ndipo ndimanamizira bondo kuti tipume.

Titangofika kumudzi anatumiza uthenga kuti khanda libwere. Linali litanenepa, layamba kukwawa. Anakhala pansi, analiika pamiyendo, nalinunkhiza m'mutu nthawi yaitali. Linawakodzera. Sanalichotse.

Ine ndinatenga kopo yofiira, ndinamasula kansalu kaja, ndinatunga madzi n'kumwa pamaso pawo.

"Imeneyo ndi yanga," anatero.

"Inali yanu."

"Bweretsani kuno, mwasiyamo fungo la fodya."

Anamwa otsalawo.