Nambala ya m'buku la achimwene

Kwathu kwa Nthache ine ndiye ndinali wophunzira, popeza ndinafika folomu thuu. Kalata ikabwera, ankandiitana. Ndinkawerenga mokweza mawu, ndipo sindinkakonda kufunsidwa kawiri. Mtima wodzimva umenewu ndikadali nawo, kungoti pano ndimauopa.

Achimwene anga aakulu ankaotcha makala n'kumakagulitsa ku Boma pa njinga, matumba atatu ulendo umodzi. Atawapeza ndi kachilombo ka HIV, sanauze wina aliyense koma alamu ndi ine. Masiku amenewo mankhwala otalikitsa moyo sankayambitsa munthu aliyense nthawi yomweyo. Ankayamba ayeza magazi, n'kulemba nambala m'buku lako la kuchipatala, pambali pa mawu akuti CD4.

Tsiku lina anandipeza ndikusenda mtedza pakhonde, n'kunditambasulira bukulo.

"Achemwali, tandionereni apa. Anafotokoza, koma mutu wanga unali kwina."

Nambala yoyamba inali 480. Yachiwiri, patapita miyezi isanu ndi umodzi, inali 390. Ndinakumbukira malemu mayi athu ndi BP yawo, mmene tinkasangalalira ikatsika. Ndinawayang'ananso achimwene, dzitho lenileni, thukuta lili noninoni.

"Tizilombo tikuchepa, achimwene. Mukuchira."

Anaseka mpaka kuoneka usinini. Tsiku lobwerera kuchipatala litakwana anati, "Munthu wochira akataye tsiku pa mzere?" Anakwera njinga yawo ndi makala. Ine sindinawaletse. Zinatha choncho zaka ziwiri ndi kanthu.

Choyamba anatuluka matuza owotcha mbali imodzi ya chipumi, mpaka kutsikira m'diso. Alamu anati ndi moto wa afiti. Kenako mkamwa munachita zoyera ngati mkaka wogona, kumeza n'kumavuta. Kutsegula m'mimba kunabwera pambuyo. Tinawatengera kuchipatala pa njinga yawo yomwe ija, atakhala pamene ankamangapo matumba.

Namwino amene anatilandira anali mayi wachikulire wosapupuluma. Atabwera ndi zotsatira, analemba 85 pansi pa manambala awiri aja. Anafunsa chifukwa chake anasiya kubwera. Achimwene anangoyang'ana pansi, ndiye ndinayankha ndine, ndipo ndinaulula zonse.

Sanandikalipire. Bwenzi zili bwino akanatero.

"Mayi, nambala iyi si ya tizilombo ayi," anatero. "Ndi ya asilikali a m'thupi, amene ali m'kadontho kakang'onong'ono ka magazi. Ndipo awawa ndi aja oitana anzawo. Matenda akalowa, iwo ndi amene amakuwa kuti ena abwere kudzamenya. Tsono kachilomboka kamalowa mwa iwowa, kamaswana momwemo, iwo n'kumafa."

"Koma anali ndi mphamvu," ndinatero ine, ngati kuti ndingapambane mlandu.

"Eya. Thupi limapanga ena olowa m'malo, ndiye munthu amaoneka bwinobwino zaka zambiri. Koma limafika potopa. Munthu wathanzi amakhala ndi 500 kapena kuposa. Ikatsika kupitirira 200, ngakhale tizilombo tomwe tinkakhala nato mwamtendere timayamba kulusa. Bambo, munadwalapo katsabola muli mwana?"

Achimwene anagwedeza mutu kuvomera.

"Kachilombo kake sikanachoke. Kanangogona m'mitsempha, asilikali akukalondera. Kataona kuti alonda achepa, kadzuka. Ndiwo mashingozi, matuza aja a pachipumi."

Pobwerera ndinkakankha njinga yopanda munthu, poti achimwene anawagoneka. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo ndinadzida. Mawu anga anayi okha aja ndi amene anatsala pang'ono kuika m'bale wanga m'manda.

Anawayeza TB, sanaipeze, n'kuwayambitsa ma ARV ndi Bactrim. Pang'onopang'ono mkamwa munapola, anayamba kudya, thupi linabwerera. Diso lamanzere lokha silinabwerere. Linachita mtambo, ndipo mpaka lero amayenda ndi njinga kumbali kwenikweni kwa msewu chifukwa cha mathiraki a ku Mozambique. Sananditchulirepo nkhaniyi ngakhale kamodzi. Ine ndinasiya kuwerengera anthu makalata.

Patatha chaka anandipezanso pakhonde pomwe paja. Anatulutsa buku m'thumba la pulasitiki, akupendeketsa mutu kuti aone ndi diso labwinolo.

"Achemwali, tandionereni."

"Ine ayi, achimwene. Mukafunse kuchipatala."

"Andiuza kale, ndipo ulendo uno ndamvetsera. Ndikufuna muone inuyo."

Ndinalandira bukulo. Panalembedwa 310. Ndinaiyang'ana kawiri, katatu, osatsegula pakamwa, kuopa lilime langa lomwe.

"Yakwera," ndinatero pomaliza.

"Ndiye kuti chiyani?" anafunsa, akudziwa kale yankho.

"Asilikali akubwerera."

Anatenga mtedza wodzaza dzanja m'lichero mwanga n'kukhala pansi.

"Eya," anatero. "Mawa mudzandiwerengere kalata ya mwana wanga yochokera kusukulu. Diso limodzi limatopa msanga."