Chikwangwani cha Apongozi

Ntchito yanga inali yolemba zikwangwani ku Maramba. Sukulu ndinasiyira Giredi 7, koma dzanja linali lowongoka. Ndinkalembera ometa, ogulitsa nyama, okonza mawayilesi. Zaka zimenezo ntchito zinkatha m'mafakitale, aliyense akutsegula kabizinesi.

Apongozi anga aakazi anachokera ku Katete. Ankachita lendi kachipinda, n'kumagulitsa zitsamba pamsika: jinja, adyo, mandimu, masamba a bulugama, ufa wa malambe. Malonda sankayenda. Mkazi wanga anandiuza mosabisa kuti tebulo la zitsambalo likagwa, amayi ake adzabwera kudzakhala nafe ku Linda.

Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri. Kwathu mkamwini sadyera pamodzi ndi apongozi, sayang'anana nawo m'maso, sawayankha mwachindunji. Ndinaona kuti ndidzakalambira pakhonde.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi apongozi anabwera ndi thabwa. Anakhala pamphasa atandifulatira, ine pampando ndikuyang'ana nkhuku. Mkazi wanga anakhala pakati ngati womasulira m'khoti.

"Uwauze atate ake a mwana alembe kuti mankhwala anga achiritsa shuga, BP, TB, kusabereka na matenda atsopanowa."

Mkazi wanga anabwereza zonse, ngati ine ndinali wogontha.

"Uwafunse amayi ngati anachiritsapo munthu wa TB," ndinatero.

"Uwauze kuti bamdala ba tebulo la pafupi analemba matenda twente-foo, na anthu aima pamzere."

Chikwangwani cha mdalayo ndinkachidziwa. Ndinalemba ndine. Ananditchulira matenda, ine n'kumapaka penti mpaka thabwa linatha. Patapita miyezi, msuweni wanga anasiya mapiritsi a TB a kuchipatala chifukwa cha botolo la patebulo lomwelo. Tinamuika m'manda mvula isanagwe. Kuyambira pamenepo sindinalembenso liwu loti "kuchiritsa" pa chinthu cha m'botolo la Fanta.

Koma apongozi sungawauze kuti ayi. Ndinangoti, "Uwauze ndamva." Ndinanyamula thabwa.

Ndinakhala nalo masiku atatu. Bodza limalembeka msanga. Zoona zimafuna kuti uyambe wafunsa kuti chinthucho chimachita chiyani kwenikweni. Ndinawiritsa jinja ndi mandimu, ndinamwa. Pakhosi panatentha bwino. Ndinadzifunditsa bulangete pa mphika wa bulugama. Mphuno zinatseguka kwa kanthawi, kenako zinatsekanso. Malambe ndinathira m'phala, mwana anamaliza mbale. Basi, ndinalemba zomwezo:

JINJA NDI MANDIMU: pakhosi pamve kutentha.
BULUGAMA WOFUKIZA: mphuno zipumeko.
MALAMBE: phala likome, mwana asathawe.
PANO SITICHIRITSA TB, SHUGA KAPENA EDZI.
Chifuwa chikapitirira masabata atatu, pitani kuchipatala. Mapiritsi anu osasiya.

Apongozi sankadziwa kuwerenga. Anachipachika monyada. Amene anawawerengera anali mdala uja, mokweza, msika wonse ukumva.

"Bamayi, mkamwini wanu akudanani! Alemba kuti simuchiritsa chilichonse!"

Madzulo apongozi anafika kwathu fumbi lili kumapazi. Ulendo uno sanafulatire kwenikweni.

"Uwafunse atate ake a mwana ngati ndinawalakwira powapatsa mwana wanga."

"Uwauze amayi ayese mwezi umodzi. Zikakanika, ndikatenga katundu wawo ndekha pawilibala."

Mkazi wanga ananditsina. Koma anamasulira.

Sabata yoyamba anthu ankangobwera kudzaseka. Makondakitala a minibasi ankaima n'kumafunsa, "Ni pano pamene simuchiritsa?" Apongozi ankawakalipira, kenako n'kuwagulitsa jinja. Munthu akaseka patebulo pako, amachita manyazi kuchoka chimanjamanja.

Kenako kunayamba kubwera azimayi odwazika matenda. Ankadziwa kale kuti odwala awo sachira ndi makungwa. Ankangofuna choti munthu amwe chotentha, ndi choti phala lilowe. Kwa apongozi palibe ankawalonjeza zakumwamba, ndiye palibenso ankabwera kudzawatukwana pambuyo pa maliro. Kwa mdala uja zinkachitika kawirikawiri.

Sindinama, mzere wa mdalayo unakhalabe wautali kuposa wathu. Anthu amakonda kunamizidwa. Apongozi sanalemere. Koma kachipinda kawo sanachokemo, ndipo wilibala yanga inangonyamula zitini za penti.

Zikomo sananene. Chaka chitatha, Lamlungu lina, anakhalanso pamphasa paja atandifulatira.

"Uwauze atate ake a mwana kuti dzuwa ladya malemba. Akabwerezemo penti."

"Uwafunse ngati ndisinthe mawu."

Anathyola kamtengo.

"Uwauze asakhudze ngakhale limodzi. Koma paja palembedwa kuti sitichiritsa, akulitseko. Ena saona bwino."

Tsiku limenelo ndinadyera m'nyumba mwanga, miyendo nditatambasula.