Masheya a Mayi Namaona Sagulitsidwa

Ukatsika minibasi ku Machinjiri n'kufunsa telala wa mayunifolomu, anthu amakulozera pakhonde la golosale pamene Mayi Idah Namaona amakhala ndi makina awo. Ena amawonjezera kuti, "Amayi ouma mutu aja." Eni ake dzinali amalidziwa, ndipo salikana.

Idah anakulira ku Ndirande. Bambo ake anali mlonda wochokera ku Mulanje. Iye analekeza sukulu Fomu 2, n'kulowa ntchito pafakitale yosoka zovala ku Makata, kumene anasoka makolala a malaya mpaka fakitaleyo inatsekedwa. Atalandira ndalama zotsanzikira, anzake anagula masofa ndi mafiriji, ena anayamba geni ya kaunjika. Idah anagula makina osokera ogwirapo kale ntchito. Zotsalazo anapita nazo m'tauni kwa bulokala, amene amagulira ndi kugulitsira anthu masheya, n'kugula masheya a makampani awiri m'dzina lake.

Mwamuna wake Obed, dalaivala wa minibasi ya eni ake pamsewu wa Machinjiri ndi Limbe, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi a Titho, chuma chanji chosagwirika? Bola mbuzi, imalira."

"Mbuzi imafa, bambo a Titho. Ineyo ndilibe penshoni. Maso awa akadzasiya kuona bowo la singano, adzandidyetse ndi masheya amenewa."

Kampani zikapindula zinkagawa dividendi, imene inkalowa kubanki msonkho atadula kale. Sinali yambiri. Inkakwanira nsapato za ana ndi makope, nthawi zina ndi thumba la chimanga. Fizi ya mwana wawo woyamba Tithokoze, amene anali pasukulu ya mishoni yogonera komweko, inkachokera kwina. Ya Januwale Idah ankaitenga ku banki mkhonde, poti gulu lawo linkagawana mu Disembala. Ya Seputembala inkachokera m'mayunifolomu, chifukwa ndi nthawi imene makolo amadzaza pakhonde. Ya Epulo ankapereka ndi Obed. Mchimwene wake wamng'ono wa Tithokoze, Everson, anali akadali ku pulayimale ya boma. Zinkayenda motero, mokoka koma zinkayenda.

Kenaka kwacha inagwa mphamvu chakumapeto kwa 2023. Sukulu inalengeza kuti fizi yakwera kuyambira Januwale, poti ufa, nyemba ndi nkhuni zonse zakwera. Zimene Idah anagawana ku banki mkhonde zinangofika theka. Obed naye masiku ambiri ankangogona pamzere wa mafuta, minibasi osayenda. Tithokoze anapita kusukulu ndi theka lomwelo, ndipo pakati pa Febuluwale anatulukira pakhomo atasenza chikwama, atabwezedwa chifukwa cha fizi. Anali Fomu 4, mayeso a boma ali mu Julayi.

Lamlungu lotsatira kunabwera Gregorio, mchimwene wake wa Idah, amene amagwira ntchito mu ofesi ndipo amakhala ku Chitawira. Anamuitana ndi Obed kuti adzayankhule ngati malume a ana. Anakhala pasofa, makiyi a galimoto ali pabondo.

"Achemwali, nkhani yake ndi yachidule," anatero Gregorio. "Masheya anu aja akwera, ndaona munyuzi. Gulitsani, mwana abwerere kusukulu. Mwana ndiye chuma. Akaphunzira adzakusamalani."

"Ndagulitsa lero, ndalipira teremu ino," anayankha Idah. "Epulo ndidzagulitsa chiyani? Nanga akapita ku koleji? Nanga Everson? Fizi imabwera teremu iliyonse, achimwene. Sheya ukagulitsa wagulitsa."

"Ndiye mwana akhale pakhomo chifukwa cha mapepala?"

"Sindinanene kuti akhala pakhomo."

"Mtima wotani umenewu? Makolo athu akanatero, bwenzi ife tili kuti?"

Apa Idah anaika pansi diresi imene ankapinda mpendero.

"Mwayamba ndinu za makolo. Ababa anagulitsa nyumba ya ku Ndirande kuti inu mumalize sukulu. Anatero ndithu, kuti mwana ndiye chuma. Anamwalirira kuti? M'kachipinda ka lendi kuseri kwa msika, denga likudontha, ine ndikuwaphikira phala. Sindikuti munali oipa. Munali ndi ana anu, ndi ngongole zanu. N'chifukwa chake ana anga sadzakhala penshoni yanga. Ndiwaphunzitsa, akadye okha za thukuta lawo, ine ndidzadye zanga."

Gregorio anadzuka osamwa tiyi. Ndalama sanasiye, ndipo Idah sanapemphe.

Tithokoze anali akumvetsera kuchipinda. Malume ake atapita anatuluka maso ali psuu.

"Amayi, ndiye kuti masheya anu ndi ofunika kuposa ine?"

"Ukanakhala uli m'chipatala, Titho, bwenzi ndapita kale kwa bulokala, ngakhale wapansi. Koma iyi ndi fizi. Fizi timaiona ikubwera patali, ili ndi njira zake. Tenga mabuku uwerenge, usandiyang'ane choncho."

Mtsikanayo anabwerera kuchipinda n'kumenyetsa chitseko.

Njirazo Idah anayamba kuzifufuza m'mawa mwake. Ku banki mkhonde chaka chinali chitangoyamba kumene, m'bokosi munalibe zokwanira kubwereka. Wina anamuuza za katapila wa pasiteji, koma Idah atamva chiwongoladzanja chake anangopukusa mutu. Anapita kusukulu kuja kukaonana ndi a basala, olandira fizi. Iwo anati akapereka gawo lalikulu la zotsalazo mwana alowa m'kalasi, zina amalize sukulu isanatseke.

Ali m'minibasi pobwerera, foni inalira. Anali mayi wa ku ofesi ya bulokala.

"Mayi Namaona, kuno kwabwera abambo ena ndi chiphaso chanu. Akuti ndi amuna anu, mwawatuma kuti agulitse masheya. Ife sitigulitsa popanda mwini wake kusayina. Mwawatumadi?"

Idah anatsegula kachikwama kake. Chiphaso munalibe.

"Sindinawatume. Auzeni andipeza kunyumba."

Obed anafika dzuwa likulowa, akuyenda ngati wanyowa ndi mvula. Anaika chiphaso patebulo.

"Ndimafuna ndigulitseko pang'ono chabe. Mwana akulira tsiku ndi tsiku, mayi a Titho. Anzanga pasiteji akundinena kuti ndikulamulidwa ndi mkazi."

"Anzanuwo apereke fizi. Inu mwalowa m'chikwama changa ngati wakuba, ndiye mundimvere tsopano. Ndalama ya Titho ili m'nyumba muno."

"Muno? Pati?"

"Nyumba yomweyi. Tiikamo alendi, azitilipira lendi."

Nyumba yawo inali ya zipinda zitatu, yamagetsi, mpopi uli panja. Anaimanga awiriwo pang'onopang'ono. Kuseri kwake kunali kanyumba ka zipinda ziwiri kosapaka pulasitala, kamene anayamba kukhalamo atangogula puloti, ndipo tsopano ankasungiramo makala ndi matayala akutha.

"Ine Obed, ndibwerere m'kanyumba ka makala? Anthu aziti chiyani?"

"Aziti Obed ali ndi alendi. Lendi amalipira miyezi itatuitatu, mwezi usanayambe. Teremu nayo ndi miyezi itatu. Chobwerabwera timachilipira ndi chobwerabwera chinzake. Nyumba ikhalabe yathu, masheya akhalabe athu, mwana apita kusukulu. Chimene titaye ndi manyazi basi."

Obed anakana. Anati nyumbayo inamudyera msana, sangaone munthu wina akukhala pakhonde lake. Idah sanakangane naye. M'mawa anatulutsa makala ndi matayala, anasesa, anazira pansi, n'kusamutsira mphasa yake ndi mapoto m'kanyumba kaja. Anagona momwemo. Tsiku lotsatira Everson anamutsatira ndi bulangete lake. Obed anapirira masiku angapo m'nyumba yaikulu, iye ndi Tithokoze. Kenaka tsiku lina anabwera ndi thumba la simenti pamutu.

"Ngati tikukhala muno, pansipa pakhale posalala," anatero, osamuyang'ana mkazi wake.

Alendi anapezeka msanga: namwino wina dzina lake Shamsa, ndi mwamuna wake, amene ankafuna nyumba yamagetsi pafupi ndi msewu. Analipira miyezi itatu. Masofa sakanalowa m'kanyumbako, choncho Idah anawagulitsa n'kuphatikiza. Anamuperekeza yekha Tithokoze mpaka pawindo la a basala. Pageti mtsikanayo anangoti, "Pitani bwino," osatembenuka.

Kutchalitchi nkhani inafika iwo asanafike. Mayi wina wa mvano anamukokera Idah pambali.

"Mayi Namaona, tamva zoti mwasamukira kukhitchini. Chonsecho akuti muli ndi mamiliyoni m'tauni. Si umbombo umenewo?"

"Ngati ndi umbombo, mundipempherere," anatero Idah. "Koma yunifolomu ya mwana wanu ija mudzatenge ndi ndalama yonse, ngongole ndasiya."

Sizinali zophweka. Mvula ya Malichi inkalowera pazenera, Everson ankagona pafupi ndi mbaula, ndipo Obed ankati akamva alendi akuonera mpira pabalaza lake, ankatuluka kukakhala pamwala kumsewu. Mwezi wina mtengo wa masheya a kampani imodzi unatsika. Obed anabwera ndi nyuzi, chala chili pamzerewo.

"Mwaona? Tikanagulitsa muja."

"Ndinagula kuti ndidzadye ndili nkhalamba. Ndakalamba?"

"Pang'ono," anatero Obed, ndipo onse awiri anaseka, koyamba chichokereni m'nyumba yaikulu.

Lendi ya miyezi itatu yotsatira inalowa kumapeto kwa Meyi, teremu yomaliza itayamba kale. Idah anali atagwirizana ndi a basala: Epulo anapereka za Obed ndi dividendi yochepa imene inali kubanki, zotsalazo anamaliza ndi lendi. Tithokoze sanabwezedwenso. Analemba mayeso, ndipo anakhoza, osati mwapamwamba zedi koma mokwanira kukayamba maphunziro a zamagetsi ku koleji ya ntchito zamanja. Za masheya sanazitchulenso kwa mayi ake. Patchuthi amakhala pakhonde la golosale kuwathandiza kusokerera mabatani, ndipo nthawi zina amacheza, nthawi zina ayi. Gregorio mpaka lero amangotumiza moni kudzera mwa anthu.

Everson atasankhidwa kupita kusekondale, Obed anafunsa kuti kodi abwerera liti m'nyumba mwawo. Idah anati Everson akamaliza Fomu 4. Obed anawerenga zala, anapuma mozama, n'kupita kukafunsa mtengo wa njerwa zoti awonjezere chipinda chachitatu kuseriko.