Jekete la ku Nsanje

Madzi atakokolola munda wathu ku Chiromo kachiwiri, ndinati basi, ndikupita ku Joni. Mwana wanga Yohane ndinamusiya ndi mng'ono wanga Esinati.

Ntchito ndinapeza yolera mwana. Makolo ake ankafuna kuti asanagone ndizimufotokozera nthano. Poyamba ndinkadabwa, kwathu mwana amangogwa yekha pamphasa. Koma ndinazolowera: nthano ikhale yaifupi, yopanda afiti, mawu ena azibwerezedwa, liwu lizitsika mpaka mwana aziyasamula. Ndikamaliza ndinkakalira m'kachipinda kanga, wanga akugona wopanda womuuza kanthu.

Yohane anakwanitsa zaka sikisi mu Juni, ku Joni kukuzizira koopsa. Ine mutu wangawu! Ndinamugulira jekete lonenepa, laubweya m'khosi, n'kulitumiza pa basi. Jekete ku Nsanje, komwe ngakhale mbuzi zimafuna mthunzi!

"Achemwali, walitaya kuseri kwa nyumba," anatero Esinati pafoni. "Amayembekeza mpira. Akuti amayi ake anaiwala kumene iyeyo amakhala."

Kuyambira pamenepo foni yanga ankaikana. Ndikati apatsidwe, ndinkangomva "Nkhabe!" chapatali, ayi wa Chisena. Mantha anandigwira kuti mwana ndamutaya.

Ndiye ndinapeka nthano, n'kuijambula pa WhatsApp kuti Esinati azimuyatsira pogona. Kamnyamata dzina lake Yona kanalandira jekete. Kanaliponya padenga, mphepo inalibweza: "Ndine wako, ndine wako." Kanalipatsa mbuzi, mbuzi inalibweza: "Ndine wako, ndine wako." Apo ndinakakamira. Kuti Yona alikonde pankafunika chisanu, nanga chisanu ndikanachitenga kuti? Ndinatumiza choncho, yopanda mathero.

Esinati anati akumvera tsiku lililonse, ndipo jekete walitola. Koma kundilankhula ayi. Sindinkamvetsa.

Ndinabwera mu Okutobala, tchuthi cha masabata awiri. Dzuwa likuswa mtengo, ndinapeza mwana atavala jekete lija, zipi mpaka m'khosi, thukuta kamukamu. Ndinakalipira Esinati, iye n'kungoti, "Muvuleni nokha muone."

Madzulo tili pamphasa panja, Yohane anati, "Amayi, nenani ya Yona." Kanali koyamba kundiitana kuyambira pomwe ndinafika. Ndinayamba ndi mbuzi.

"Ayi, denga kaye!"

Ndinabwereza bwinobwino, iye akuyankhira "ndine wako." Tinafika pamene ndinalekezera paja.

"Simukudziwa?" anatero Yohane. "Yona anazindikira. Jekete n'la kozizira. Ndiye kuti amayi ake akubwera kudzamutenga."

Ndinayang'ana Esinati. Anapukusa mutu, si iye amene anamuuza zimenezo.

Yohane anayasamula, n'kutsamira pamwendo panga. "Ndayeserera kale, silindiwotcha. Tinyamuka liti?"

Kumene ndimagwira ntchito salola kukhala ndi mwana. Ndinamusisita pamsana mpaka anagona, zipi ataigwira ndi dzanja.